Ndemanga: Katswiri wa makompyuta anatikonzera kuti akaunti ya kashiya isamatseguke usiku komanso kunja kwa shopu, ndikupereka nyenyezi 4 pa 5

Tili ndi shopu ya mbewu, feteleza ndi zipangizo zomangira pa Kasungu boma, ndipo timagulitsira pa matilu awiri. Pulogalamu yogulitsira imakhala pa kompyuta ya mu ofesi yakumbuyo, matilu amangoitsegula kudzera pa netiweki. Chinandidzidzimutsa ndi malisiti ofafanizidwa cha m'ma 9 koloko usiku, shopu ili yotseka. Mlandu sindinaloze nawo aliyense, poti pasiwedi ya kashiya mmodzi inali italembedwa pa kapepala pansi pa kiibodi, aliyense wodutsa kuseri kwa kauntala akanatha kuiwerenga. Ndinaitana katswiri wina wachinyamata wochokera ku Lilongwe, ndipo ntchito yake ndi imene ndikuikambayi.

Anayamba ndi rauta. Anapeza kuti amene anatiikira makinawa poyamba anasiya khomo lotsegula kuti ine ndizitha kuona malonda ndili kunyumba, ndiye aliyense wodziwa pasiwedi ankalowanso pa khomo lomwelo ndi foni yake. Analitseka. Kenako anapatsa tilu iliyonse adiresi yosasintha, nambala yoizindikirira pa netiweki, 192.168.10.21 ndi 192.168.10.22, n'kuuza kompyuta ya mu ofesi kuti izivomera maadiresi awiri okhawo. Matilu onse anawachotsa pa waifai n'kuwalumikiza ndi nthambo, ndipo waifai ya mafoni athu anaipatula kuti izingopereka intaneti basi, isamafike ku kompyuta ya mu ofesi.

Ndinamufunsa chifukwa chimene sanangogwiritsa ntchito adiresi ya intaneti ya shopu. Iye anati, "Bwana, rauta yanuyi imayendera simu khadi. Adiresi yake yakunja imasinthasintha, makamaka ikazima n'kuyakanso, komanso nthawi zambiri mumagawana adiresi imodzi ndi anthu ena ambiri a kampani ya foni yomweyo. Tikadalira imeneyo, tsiku lina mudzadzitsekera nokha panja, pomwe munthu wachilendo atha kuoneka ngati ali m'shopu." Apa m'pamene ndinamukhulupirira, chifukwa sanasankhe njira yachidule.

Za nthawi anazikonza pa Windows ya tilu iliyonse, ndipo anandilembera lamulo lake m'kope:

```
net user kashiya1 /times:M-Sa,7AM-6PM
```

Tanthauzo lake n'lakuti kashiya alowe kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, 7 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo. Tinayesa pomwepo itakwana 6:10, ndipo makina anakana pasiwedi yolondola, n'kulemba kuti akauntiyi ili ndi malire a nthawi. Dziwani kuti lamuloli limalandira maola athunthu okha. Ife timatseka 5:30, choncho tinaika 6 koloko, ndipo theka la ola lotsalalo limathandiza powerengera ndalama za tsikulo. Nyengo yogula feteleza, pamene mzere umafika pakhonde mpaka mdima, ndimalowa ndi akaunti yanga n'kusintha 6PM kukhala 8PM, nyengoyo ikatha n'kubwezeretsa.

Nyenyezi imodzi ndamuchotsera pa zinthu ziwiri zimene sanatichenjeze. Choyamba, malirewa amaletsa kulowa, koma sathamangitsa munthu amene walowa kale. Tilu ikasiyidwa yotsegula madzulo, imagonera yotsegula. Panopa amene akutseka shopu amaonetsetsa kuti matilu onse azimitsidwa asanakhome loko.

Chachiwiri chinatipweteka kwambiri. Loweruka lina magetsi atazima usiku wonse, kashiya wathu anakanidwa kulowa 8 koloko m'mawa, makasitomala ali pa mzere ndi ndalama m'manja. Anandiimbira foni mawu akunjenjemera, akuganiza kuti ndamuchotsa ntchito osamuuza. Nditafika ndinaona kuti wotchi ya pa tiluyo ikuonetsa 12 koloko usiku, deti lake la zaka zapitazo. Kabatire kozungulira ka mkati mwa kompyuta, kolembedwa CR2032, kanali katatha mphamvu, ndipo n'kamene kamasunga nthawi makina akakhala opanda magetsi. Malire a nthawi amakhulupirira wotchi ya kompyuta, osati ya pakhoma. Kashiya sakanatha kukonza yekha chifukwa akaunti yake ilibe mphamvu yosintha wotchi, ndipo n'zoyenera kutero, apo ayi akanamangobweza nthawi n'kulowa usiku. Katswiriyo anayankha foni mwachangu n'kunditsogolera kukonza, koma kabatireko anayenera kukayeza tsiku loyamba lomwe, poti makompyuta athu ndi a kaunjika ndipo iye anawaona.

Malisiti ofafanizidwa usiku sanaonekenso. Komabe ntchitoyi siiteteza ndalama masana, kashiya ali pa tilu yake pa nthawi yake. Kufafaniza lisiti tinakusiya m'manja mwa akaunti ya manijala yokha. Ine ndinataya mwayi woona malonda ndili kunyumba, ndipo katswiriyo anati angaubwezeretse pa mtengo wina ndi VPN, njira yotetezedwa yolowera mu netiweki ya shopu uli kutali. Ngati mukumuitana munthu wa ntchito yotereyi, muuzeni asinthiretu mabatire a CR2032 asanakhudze za maola.