Ndemanga yanga: pakeji ya chithunzi cha pa pulofayilo ndi bana

Ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu. Chithunzi cha nkhope anachigwira bwino zedi, koma bana, chithunzi chachitali chakumbuyo chija, nde tinakokanakokana nayo mpaka ndinatsala pang'ono kuchotsa nyenyezi ina. Ine ndimaika magetsi a sola, ndipo pakejiyi ndinaitenga ku situdiyo ina yake chifukwa cha LinkedIn, poti makampani omwe amapereka ntchito zikuluzikulu amayamba akuyang'ana kumeneko asanakuimbire nkomwe.

Chomwe chinandisangalatsa nchakuti wojambulayo sanathamangire kamera. Anayamba wandifunsa kuti amene adzatsegule pulofayiloyo ndani, kenako tinayang'ana limodzi mapulofayilo a anthu a ntchito yangayi. Ndinali nditanyamula suti ndi tayi komanso ovolosi kuti asankhe yekha, iye zonse ziwiri anakana. Akuti suti ndi ya owerengera ndalama, maloya ndi a kubanki, kumene kasitomala amafuna aone munthu wadongosolo woti angamusungitse chuma, koma munthu wofuna womuikira mapanelo akakuona mu tayi amaganiza kuti ndiwe wotsatsa malonda chabe, padenga sukwera. Ovolosi nayo akuti imakuika pa ganyu pomwe iwe ukufuna kontirakiti. Tinagwirizana shati ya kolala yabuluu woderako, yopanda mizere. Za mizerezo ndinaziona ndi maso, anandijambula kamodzi ndi shati ina ya timizere ting'onoting'ono nkuchepetsa chithunzicho pa sikirini, timizere tija tinayamba kuvina ngati madzi. Helemeti anati ayi, imaponya mthunzi m'maso ndipo kachithunzi kakachepa chimangooneka chipewacho, munthu osaoneka.

Kajambulidwe kake nkomwe ndikuti ndalama yanga inagwira ntchito. Anaika lenzi ya 85mm nkuima patali ndithu, mwina mamita awiri, ndipo kusiyana kwake ndi selufi kumaonekeratu. Foni ukaigwira pa mkono imakhala pafupi kwambiri ndi nkhope, nde mphuno imakula, makutu nkuthawira kumbuyo. Kuwala kunachokera chammbali, kofewa, ndipo mbali inayo anaikako chinsalu chobweza kuwala kuti tsaya lisade. Kumbuyo anasankha khoma lotuwa osati loyera mbuu, akuti kamera ikaona zoyera zambiri imachepetsa kuwala yokha ndipo kwa ife akhungu lakuda nkhope imangosanduka mdima, kutsala mano ndi maso basi. Magalasi anga ankanyezimira, iye anangokweza timiyendo take pang'ono pamwamba pa makutu kuti aweramire pansi, kunyezimira kuja zii. Kanthu kakang'ono koma ine sindikanakaganiza.

Podula anatsatira zoti nkhope itenge pafupifupi 60 peresenti ya chithunzi, kuchokera m'mapewa kukafika pamwamba pa mutu pang'ono, nkusiya malo m'makona chifukwa LinkedIn imadula mozungulira, chilichonse cha pakona chimapita. Chomwe ndinakonda nchakuti asanandipatse anachichepetsa kaye mpaka kukula ngati chikhadabo, mmene chimaonekera ukalemba komenti, kuti tione ngati ndikuzindikirikabe. Saizi yochepetsetsa yomwe LinkedIn imalimbikitsa ndi mapikiselo 400 kwa 400, iye anandipatsa chachikulu kuposa pamenepo.

Dandaulo loyamba ndi editi. Chomwe anatumiza poyamba anali atandiyeretsa khungu nkusalaza nkhope yonse, kachipsera ka pachibwano kulibe, timakwinya ta m'maso kulibe, mkazi wanga atachiona anangofunsa kuti ameneyu ndi mng'ono wanu uti kkkk. Ndinawauza abwezeretse mtundu wanga achotse kunyezimira kwa thukuta pachipumi kokha, ndipo anakonza osanyinyirika. Komabe sizoti kasitomala azichita kupempha zimenezi, chifukwa tsiku la intavyu ukalowa pakhomo anthu akuyenera kukuzindikira.

Tsopano bana. Ganizo lake linali labwino, sindinama. Anakana zithunzi zotola pa intaneti zija, za anthu ogwirana chanza kapena nyumba zosanja za mzinda womwe sunapondeko, anati tiike ntchito ya manja anga. Saizi yake ndi 1584 kwa 396, kutanthauza kuti mulitali ndi kanayi kuposa msinkhu, nde apa mpomwe zithunzi zambiri za mufoni mwanga zinagwera. Zoimirira zonse zinakanika pompo. Ngakhale chogona cha 4000 kwa 3000, kuti chikwane umatsala ndi 4000 kwa 1000, magawo awiri mwa atatu a msinkhu wataya, ndiye ngati unajambula pafupi umangotsala ndi kachidutswa ka panelo kosadziwika mutu wake. Tinapeza chimodzi chojambulidwa patali, mzere wa mapanelo utayalidwa kuchoka uku kukafika uko. Panali china chokongola kuposa chimenecho koma iye anaona kuti mnyamata amene ali padengapo sanamange lamba wachitetezo, nkunena kuti injiniya aliyense adzayamba kuona zimenezo asanaone mapanelo. Apo ndinamuvulira chipewa. Anandikumbutsanso kuti ndipemphe kaye chilolezo kwa mwini nyumbayo.

Pomwe anaphonya mpoika mawu. Logo ndi mawu ofotokoza ntchito yanga anaziika kumanzere chakumunsi, pa fayilo payokha zikuoneka bwinobwino, koma nditakweza chithunzi changa chozungulira chija chinakhala pomwepo ndendende nkuphimba theka la logo. Pa foni nde zinanyanya chifukwa bwalolo limadya gawo lalikulu la bana kusiyana ndi pa laputopu, mawu oti timaika ndi kukonza sola anangotsala "nza sola". Tizilembo tina ta mndandanda wa ntchito zisanu tinali tating'ono moti pa foni sungawerenge ngakhale utatsinzinira. Munthu amene anayesa chithunzi cha nkhope mosamala chonchija analephera bwanji kuyesa bana pa foni yake, sindikumvetsa mpaka pano. Ndikuganiza kuti bana amapatsira wina wa zojambula pa kompyuta yemwe LinkedIn saigwiritsa ntchito.

Pokonza ndinachita kuwauza ndekha: gawo limodzi mwa atatu lakumanzere lisiyidwe lopanda mawu, pakhale thambo ndi denga basi, mawu apite kumanja ndipo asagunde m'mphepete, mndandanda uja uchoke patsale mzere umodzi wa zilembo zikuluzikulu zoyera pamalo oderapo. Buluu wa shati uja anamubwerezanso pa logo, ndiye ziwirizi ukaziona pamodzi zikugwirizana. Fayilo yomaliza ndinapempha PNG chifukwa JPG yoyamba ija inkachita tinthu ngati utsi m'mbali mwa zilembo, ndipo zonse zinali pansi pa 8MB yomwe LinkedIn imalola. Chinanso, ankafuna kunditumizira pa WhatsApp ngati chithunzi wamba, zomwe zimafinya fayilo nkuwononga kuwala kwake, ndinati atumize ngati Document kapena pa imelo.

Kwa amene mukufuna kutenga pakeji ngati imeneyi, pitani ndi malaya angapo opanda mizere komanso zithunzi za ntchito yanu zojambulidwa chogona ndiponso patali. Ndipo musamalize kulipira musanakweze bana pa pulofayilo yeniyeniyo nkuiona pa foni ndi pa laputopu pomwe, wojambulayo ali pompo. Bana yomweyo musaitengerenso ku X, kumeneko saizi ndi 1500 kwa 500, idulidwa mwamtundu wina, ndipo situdiyoyi saizi yachiwiri amati ndi ntchito ina yolipira payokha.