Manyutulofilo ochepa: chibadwa kapena matenda?

Tiyerekeze anthu awiri ku Kasungu, onse pepala la magazi likuonetsa manyutulofilo 1,200 pa mayikulolita imodzi, kadontho kakang'ono kwambiri ka magazi. Manyutulofilo ndi asilikali a m'magazi olimbana ndi mabakiteriya, ndipo mabuku ambiri amati asatsike pa 1,500. Malirewo adayezedwa makamaka pa azungu.

Woyamba ndi mlimi wa fodya, wojintcha, sadwaladwala. Chaka chatha anali pomwepo, chaka chinonso pomwepo. Magazi ofiira ali bwino, tizigawo toundanitsa magazi tilinso bwino. Uyu n'chibadwa. Anthu ambiri akuda kuno ku Africa alibe puloteni yotchedwa Duffy pa maselo ofiira a magazi, zomwe zimawatetezako ku malungo a mtundu wa vivax. Mwa anthu otere, asilikali oyandama m'magazi amakhala ochepa, komabe m'mafupa akupangidwa mokwanira ndipo bala likabwera amathamangirako. Safunika mankhwala. Chimene ndimadandaula n'chakuti wotere akadwala khansa, mankhwala ake atha kuchedwetsedwa chifukwa cha nambala yomwe kwa iye ndi yabwinobwino.

Wachiwiri anali ndi 4,000 miyezi itatu yapitayo, ndiye akutsika. Ali ndi zilonda m'kamwa, thupi likutentha pafupipafupi, mwinanso magazi achepa. Apa dokotala amafufuza HIV, mankhwala monga bakitirimu, kapena matenda a m'mafupa. Akatsika pa 500 uku thupi likutentha, apite kuchipatala tsiku lomwelo, asagone.