Chikwangwani ndi timapepala tolengezera maphunziro apadera: patatha miyezi isanu ndi iwiri

"Achimwene, kodi chikwangwani ndi timapepala munalipira mu Seputembala tija zinakubweretseranidi ana? Inenso ndikufuna kuyamba kuphunzitsa masamu masana, ndiye ndipite kwa wosindikiza yemwe uja?"

Achemwali, ana anabweradi. Ndinayamba ndi ophunzira asanu ndi mmodzi a Sitandade 8 kuno ku Ndirande, ndipo pano, mayeso a PSLCE atayandikira, ndili ndi 17, aliyense akulipira K15,000 pamwezi. Wosindikizayo ndinamupatsa K85,000 ya chikwangwani chimodzi, timapepala 300 ndi uthenga wotumiza m'magulu a makolo pa WhatsApp, choncho ndalamayo inabwerera mwezi wachiwiri usanathe. Utoto wa chikwangwani wapirira dzuwa ndi mvula, ndipo nambala ya foni ikuwerengekabe munthu ataima tsidya lina la msewu.

Pa mawu okopa makolo ndiyenera kumuyamikira. Ine ndinkafuna kulemba kuti mwana aliyense adzasankhidwa kupita kusekondale, koma iye anandiletsa, nati kholo limene linapusitsidwapo kale likawerenga lonjezo lotere limangopukusa mutu. M'malo mwake tinalemba zinthu zimene kholo lingathe kudzionera lokha: zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa, chiwerengero cha ana m'gulu limodzi chimene sichipitirira khumi, malo enieni a kalasi, komanso kuti kholo ndi lomasuka kudzakhala nawo m'kalasi tsiku loyamba lisanalipire kanthu. Chiganizo chomalizachi ndicho chinandidabwitsa, chifukwa amene anabweradi kudzakhala pabenchi yakumbuyo ndi makolo atatu okha, koma pafupifupi onse amene anaimba foni anachitchula.

Vuto limene landisautsa mpaka lero ndi nthawi. Papepala limene ndinamupatsa ndinalemba ndi dzanja kuti Lolemba mpaka Lachinayi, 2 koloko mpaka 4 koloko masana, koma iye anasintha n'kulemba 14:00 mpaka 16:00, akuti zimaoneka zapamwamba. Ananditumizira chithunzi pafoni kuti ndivomereze, ndipo ine, ndili m'minibasi, ndinangoyang'ana dzina langa ndi nambala n'kumuuza kuti asindikize. Sabata yoyamba agogo ena anafika ndi mdzukulu wawo 4 koloko yeniyeni, ine ndikufufuta bolodi, atanyamula kapepala kaja kopindidwa panayi, ndipo anandilozera ndi chala pa 14:00 n'kunena kuti, "Aphunzitsi, si folo iyi?" Ndinasowa chowayankha, chifukwa munthu amene sanazolowere kuwerenga nthawi motero amaona 4 yekhayo. Zinachitikanso kwa mabanja ena anayi, ndipo banja limodzi silinabwerenso, poganiza kuti mphunzitsi amene amaweruka ana akungofika ndi wosadalirika. Kalasi ya Loweruka, imene inalembedwa 8:00 mpaka 11:00, sinasokoneze aliyense.

Nditabwerera kwa wosindikiza, anandikumbutsa kuti ndinavomereza ndekha, zimene zinali zoona, ndipo anandilipiritsa K12,000 ya kachigamba komata pamwamba pa nthawi yolakwikayo. Kachigambako kanamatuka ndi mvula ya mu Januwale, 14:00 ija n'kuonekeranso. Masabata atatu anatha asakuyankha foni, ndipo nthawi imeneyo mukanandifunsa ndikanakuuzani kuti musapondeko. Nditapita ndekha ndi chikwangwani chokulungidwa kukhwapa, anamatanso ulere, koma za timapepala anakana, nati kusindikizanso ndi mtengo watsopano. Timapepala 120 timene tinatsala ndinatikonza ndi bolopeni, koma timene tinagawidwa kale tikuyendabe m'matchalitchi ndi m'magolosale, moti mwezi wathawu bambo wina anaimba kufunsa za "kalasi ya folo koloko".

Panalinso chimene tonse awiri sitinachiganizire. Ana a Sitandade 8 ambiri amachedwa kuweruka mayeso akamayandikira, ndiye mu Febuluwale ndinakakamizika kukhazikitsa gulu lachiwiri loyamba 4 koloko mpaka 6 koloko, limene pachikwangwani palibe. Mukamalembetsa chanu, nthawi muisiyire malo akeake amene mungasinthe teremu iliyonse, mulembe monga timalankhulira, ndi mawu akuti m'mawa kapena masana, ndipo musanavomereze chithunzicho mupatse munthu wachikulire awerenge mokweza n'kukuuzani kuti mwana angamutumize nthawi yanji.

Kwa wosindikizayo mungapite, chifukwa mawu amawadziwa, koma mulipire theka lokha poyamba, ndipo mugwirizane polemba kuti akasintha chilichonse chimene mwamupatsa, kukonza kudzakhala kwa iye. K12,000 ija ndi banja linachoka lija, limene bwenzi pofika pano litalipira K105,000, zimandiwawabe ndikamadutsa pachikwangwanipo.