Chithunzi cha bokosi kapena cha nkhata ya mapiritsi?

Wogulitsa mankhwala pamsika wa Salima akakutumizirani chithunzi pa WhatsApp, bokosi lokha limanama mosavuta. Pabokosi la mankhwala achinyengo mungaone zilembo zosokonekera, mtundu wa utoto wofifia, kapena chomata chong'ambika n'kumatidwanso. Koma achinyengo amagula mabokosi enieni opanda kanthu n'kuikamo mankhwala abodza.

Chithunzi cha nkhata ya mapiritsi, kapaketi ka pulasitiki ndi chitsulo chopyapyala momwe mapiritsi amakhala, chimaulula zambiri. Pemphani chithunzi cha kumbuyo kwa chitsulo chopyapyala chija, kuwala kukuchokera m'mbali. Nambala ya bachi ndi tsiku lotha ntchito zimadindidwa mozama m'mphepete kapena kulembedwa pamwamba. Zikhale zofanana ndendende ndi za pabokosi. Ngati pa LA bokosi likuti 2026 koma nkhata ikuti 2025, musagule. Tsiku lomatidwa ndi kapepala pamwamba pa lina ndi chizindikiro choipa kwambiri.