Sevingisi, fikisidi kapena tirezhale bilu: tiwerenge matumba a simenti

Anthu ambiri tikaona balansi yakwera pafoni timangoti ndalama yabereka, koma funso ndi loti ikugula chani tsopano. Tiyerekeze muli ndi K500,000, thumba la simenti lili pa K20,000, ndekuti lero mungagule matumba 25. Mitengo ikakwera ndi 30 peresenti pachaka, ngati momwe infuleshoni inkayendera kuno mu 2024 kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba lomwelo lifika K26,000. Ndalamayo iyenera kufika K650,000 kuti mungobwerera pomwe munali, phindu osatchula nkomwe.

Mukaisiya mu sevingisi akaunti, tinene kuti akukupatsani 5 peresenti, chiwongoladzanja ndi K25,000, a MRA atengapo 20 peresenti ya msonkho, mutsala ndi K520,000. Matumba 20 basi. Asanu apita osaona wakuba, ndipo machaji apamwezi sitinawerengere. Wosunga pansi pa matilesi agula 19, kusiyana thumba limodzi lokha.

Fikisidi dipoziti anthu amaitama kwambiri koma ine imandikayikitsa ndithu. Tiike pa 12 peresenti, K60,000 kuchotsa msonkho itsala K48,000, zonse pamodzi K548,000, matumba 21, ndiye mwatsekera ndalama chaka chathunthu, mwana akadwala mukaithyola isanakwane nthawi chiwongoladzanja chija amachidula kapena kuchichotseratu, zonsezi chifukwa cha thumba limodzi? Ubwino wake ndi woti simuigwiragwira, kwa ife amanja oyabwa zimathandiza.

Tirezhale bilu ndi kubwereketsa boma kudzera ku Reserve Bank of Malawi, ilipo ya masiku 91, 182 ndi 364, ndipo mumagula kudzera kubanki yanu yomweyo. Ya masiku 364 inkapereka cha m'ma 26 peresenti mu 2024. Pamenepo mupeza K130,000, msonkho K26,000, mulandira K604,000, matumba 23. Mwaluzabe awiri, koma pa zitatuzi ndi imene ikudontha pang'ono.

Osamangochotsera 30 pa 26 nkumati ndaluza 4 peresenti yokha. Yambani mwachotsa msonkho, kenako gawani ndalama yomwe mwalandira ndi 1.30. K604,000 ikupatsani pafupifupi K464,600 ya mitengo ya lero, mwaluza 7 peresenti. Ya sevingisi ija ikupatsani K400,000 ndendende, mwaluza 20 peresenti.

Wina anena kuti bwanji osangogula simentiyo lero. Ngati mukumanga mwezi uno gulani, koma simenti ikakhalitsa imagwira miyala, bola malata, ngakhale nawo tsiku la vuto mudzagulitsa motchipa. Komanso 30 peresenti ija ndi pafupifupi avereji ya a NSO, ofesi ya boma yowerengera mitengo ya zinthu, ngati ndalama yanu yambiri imathera pa chimanga ndi mafuta ophikira, gawani ndi nambala yokulirapo chifukwa zakudya zinkakwera kuposa pamenepo.