Ndemanga: pulogalamu yoika mitundu pa zithunzi zakale imakongoletsa, koma mtundu wa zovala musaukhulupirire

Ndikuipatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu. Ndi pulogalamu ya pa intaneti yolipira, imodzi mwa zija mumaikamo chithunzi chakale chakuda ndi choyera, kenako pasanathe mphindi imakubwezerani chokhala ndi mitundu. Ndaigwiritsa ntchito pa zithunzi za banja lathu zomwe ndinasikana, ndipo kukongola kwake sindingakane ayi. Nyenyezi ziwiri ndachotsa chifukwa palibe paliponse pamene imakuuzani kuti mtundu uwu yaudziwadi, uwu yangoganizira. Zonse imazibweretsa ndi chidaliro chofanana, ndipo munthu wosadziwa akhoza kupita nazo kwa abale n'kumati ndi mmene zinthu zinalili.

Pa udzu, masamba a mitengo, thambo, dothi ndi matabwa, imachita bwino kwambiri. Nkhope nazonso zimatuluka zamoyo ndithu, makamaka ngati munthuyo anali pafupi ndi kamera ndipo kuwala kunali kokwanira. Pamenepa sindikudandaula. Nkhani yanga ili pa zinthu zomwe mtundu wake anachita kusankha ndi munthu: diresi, jekete, tayi, galimoto, chitseko, khoma lopakidwa penti.

Kuti ndidziwe kuchuluka kwa zimene imangoganizira, ndinachita chinthu chosavuta chimene aliyense angayesere asanalipire. Ndinatenga chithunzi chamakono chomwe mitundu yake ndikuidziwa, ndinachichotsa mitundu yonse pa kompyuta kuti chikhale chakuda ndi choyera, kenako ndinachipereka ku pulogalamuyi ngati chakale. Pachithunzipo pali mayi wovala diresi lofiira kwambiri, waima pafupi ndi galimoto ya buluu, kumbuyo kuli mitengo ndi thambo. Mitengo inabwerera yobiriwira, thambo la buluu, khungu la mayiyo pafupifupi mmene lilili. Koma diresi lija linabwera la buluu wozilala, m'munsi mwake likupita ku pepo. Galimoto inasanduka yotuwa yosakanikirana ndi bulawuni. Chikanakhala chithunzi cha agogo, ndikanavomera diresi la buluu lija popanda funso, chifukwa silinkaoneka lolakwika mwanjira iliyonse.

Vutoli si kuti pulogalamuyi ndi yosapangidwa bwino. Mtunduwo mulibemo m'chithunzicho, basi. Chithunzi chakuda ndi choyera chimasunga chinthu chimodzi chokha pa kadontho kalikonse: kuwala kwake, kuyambira 0 yemwe ndi kuda bii, mpaka 255 yemwe ndi kuyera mbee. Njira yofala yochotsera mitundu pa kompyuta ndi iyi:

```
Y = 0.299R + 0.587G + 0.114B
```

Y ndi kuwala kuja, R ndi kufiira, G kubiriwira, B ndi buluu. Mukatenga kufiira kwenikweni, R ali 255 ndipo enawo ali 0, mupeza 76. Mukatenga kubiriwira koderako, G ali 130 enawo 0, mupezanso 76. Ndiye kuti nsalu yofiira ndi nsalu yobiriwira zikhoza kusiya kutuwa kofanana ndendende. Kuchokera pa 76 uja kubwerera m'mbuyo, palibe masamu omwe angakuuzeni kuti inali iti mwa ziwirizi. Mitundu yambirimbiri imagwera pa nambala imodzi yomweyo.

Nanga imadziwa bwanji kuti udzu ndi wobiriwira? Imazindikira maonekedwe a chinthucho, osati mtundu wake. Mapulogalamu amtunduwu amaphunzitsidwa potenga zithunzi zochuluka zedi zokhala ndi mitundu, kuzichotsa mitunduyo, n'kuuza makinawo kuti aibwezeretse, kenako kuyerekeza ndi chenichenicho. Ambiri amagawa chithunzi motsatira dongosolo lotchedwa Lab: L ndi kuwala, komwe kumatengedwa pa chithunzi chanu chakale, pomwe a ndi b ndi mitundu, ndipo ziwirizi ndi zomwe makinawo amapeka. Mu 2016, Richard Zhang, Phillip Isola ndi Alexei Efros a ku yunivesite ya California ku Berkeley anaphunzitsa makina otere pa zithunzi zoposa miliyoni imodzi, ndipo ananena poyera kuti cholinga chawo chinali kupeza mitundu yooneka yotheka, yoti munthu aikhulupirire, osati kubwezeretsa mitundu yeniyeni. Mawu otere ndi amene ndikanakonda kuwaona pa tsamba loyamba la pulogalamu yomwe ndinalipirayi. M'malo mwake imadzitsatsa ngati ikubwezeretsa zakale.

Kumvetsa zimenezi kunandithandiza kuwerenga zotuluka zake. Pafupifupi udzu wonse umene makinawo anaonapo unali wobiriwira, choncho akaona udzu sakayika. Koma madiresi anawaona ofiira, achikasu, obiriwira, a buluu, ndipo akasowa chogwira amathawira pakatikati. Pakatikati pa mitundu yonseyo pamatuluka bulawuni wozilala, kutuwa, kapena buluu wopita ku pepo. N'chifukwa chake m'zithunzi zanga zakale amuna onse anavekedwa majekete a buluu woderako kapena bulawuni, ngati anagula kwa telala mmodzi. Mukaona mtundu wozilala chonchi pa chovala, dziwani kuti pamenepo makinawo sanadziwe, ngakhale sananene.

Chizindikiro china ndi chovala chimodzi kukhala ndi mitundu iwiri. Pa chithunzi china cha gulu, siketi ya mtsikana inayamba yofiirira m'chiuno n'kukathera ku buluu m'mawondo, popanda msoko kapena mzere uliwonse pakati. Palinso kutayikira kwa mtundu: kufiirira kwa khungu kunalowerera pa kolala yoyera, ndipo kubiriwira kwa masamba kunadetsa m'mphepete mwa chipewa. Izi zimachitika chifukwa mapulogalamu ambiri amapeka mitundu pa kachithunzi kochepetsedwa, kenako amaikulitsa n'kuiyala pamwamba pa chithunzi chenichenicho. Mu DeOldify, pulogalamu yaulere yomwe Jason Antic anaitulutsa mu 2018, muli nambala yotchedwa `render_factor` yomwe mumasintha nayo kukula kwa kachithunzi kameneko, ndipo mukaisintha mitundu ya zinthu zina imasinthanso. Chinthu chikamasintha mtundu inu mutangosintha nambala, ndiye kuti mtunduwo sunachokere m'chithunzi. Yomwe ndinalipirayi ilibe batani lotere, koma mukhoza kuiyesa mwanjira ina: dulani chithunzicho pang'ono m'mbali n'kuchiperekanso. Thambo ndi mitengo zimakhala chimodzimodzi, pomwe juzi ya mwana wina kwa ine inachoka ku bulawuni n'kupita kobiriwira.

Manja ndi amene anandikhumudwitsa kwambiri. Nkhope imapatsidwa mtundu wabwino, koma dzanja lomwe lili pamthunzi kapena pa bondo limasiyidwa lotuwa ngati la munthu wina. Anthu oima kumbuyo pa chithunzi cha gulu, omwe nkhope zawo ndi zazing'ono, nawonso amatsala otuwa. Komanso kuderapo kwa khungu musakutenge ngati umboni, chifukwa kumadalira kuwala kwa tsikulo, filimu yake ndi mmene wotsuka chithunzi anachiwalitsira.

Za filimuzi n'zofunika kuzidziwa ngati zithunzi zanu ndi zakale kwambiri. Filimu ndi magalasi ojambulira akale, mtundu wotchedwa othokromatiki, sankamva kuwala kofiira. Chinthu chofiira chinkatuluka chakuda kwambiri, pomwe cha buluu chinkatuluka choyererako, ndipo thambo nthawi zambiri linkangokhala loyera lopanda mitambo. Zojambulira zomva mitundu yonse, zotchedwa panikromatiki, zinayamba kugulitsidwa cha m'ma 1906, koma zinatenga zaka zambiri kuti zifale. Tsono makina omwe anaphunzira pa zithunzi zamakono zochotsedwa mitundu pa kompyuta akaona diresi lakuda bii pa chithunzi chotere, amalipatsa kuda kapena buluu woderako, chonsecho mwina linali lofiira. Milomo nayo imatuluka yakuda mopitirira. Pulogalamuyi sifunsa n'komwe chaka chomwe chithunzi chinajambulidwa.

Pali batani lina lokonza nkhope, lomwe limakhala loyatsidwa kale mukangolowa. Langizo langa ndi lakuti mulizimitse. Limeneli siliika mtundu wokha, limajambulanso maso, mano, nsidze ndi khungu pomwe chithunzi chinali chosaoneka bwino. Pa chithunzi cha agogo anga aamuna, linasalaza makwinya, linawongola mano, ndipo kachipsera kamene kali pamwamba pa diso linakafufuta poganiza kuti ndi kukalika kwa pepala. Munthu anatuluka wooneka bwino, koma amayi atamuyang'ana anati, "Awa si bambo anga." Kulakwitsa mtundu wa jekete ndingapirire, koma nkhope ya munthu ayi.

Zotuluka zimakhala bwinoko mukakonza chithunzi musanachipereke. Ndimasikana pa 600 dpi, kutanthauza madontho 600 pa inchi iliyonse, m'malo mojambula ndi foni, chifukwa kunyezimira kwa pepala makinawo amakutenga ngati mbali ya chithunzi. Ngati pepala lasanduka lachikasu ndi ukalamba, ndimayamba ndalisandutsa lotuwa lenileni, ndipo madontho ndi mikwingwirima ndimachotsa kaye, apo ayi banga la madzi limapatsidwa mtundu wakewake. Chosikanidwa choyambacho ndimachisunga padera ngati fayilo ya TIFF osachikhudza, chifukwa pulogalamuyi imabweza JPEG yopanikizidwa, ndipo tizinthu ting'onoting'ono monga ulusi wa nsalu timatayika.

Chomwe chikusowa kwambiri ndi njira yoti ine ndiiuze zimene ndikudziwa. Mapulogalamu ena amalola kuika kadontho ka mtundu pa chovala kuti makinawo atsatire. Iyi silola. Azakhali anga amakumbukira bwino kuti diresi lomwe anavala pa chithunzi china linali lachikasu, koma pulogalamuyi inalipanga la pinki, ndipo ndinachita kukalikonza ndekha ndi pulogalamu ina yokonzera zithunzi. Pa yunifolomu, mbendera, mabaji ndi galimoto, mtundu weniweni umapezeka pofunsa amene analipo kapena pofufuza m'mabuku ndi zinthu zosungidwa za nthawiyo, ndipo ntchito imeneyo pulogalamuyi singakuchitireni.

Kwa amene akufuna chithunzi chokongola chopachika pakhoma kapena chotumizira abale, ndi yabwino, ndipo ndipitiriza kuigwiritsa ntchito pa zithunzi za panja zokhala ndi mitengo ndi thambo. Kwa amene akulemba mbiri ya banja, ya sukulu kapena ya gulu lililonse, isakhale gwero la umboni. Ine ndikamatumiza chithunzi chotere ndimatumiza pamodzi ndi chakuda ndi choyera chija, ndipo pansi pake ndimalemba kuti mitundu yaikidwa ndi kompyuta, ya zovala ndi yongoganizira kupatula yomwe wina watsimikiza. Opanga pulogalamuyi akadzaika njira yosankhira mtundu pamanja, n'kusiya batani la nkhope lili lozimitsa, ndidzawonjezera nyenyezi yachinayi.