Avereji kapena ndondomeko ya mayankho: njira zowerengera mafunso a "ndikuvomereza" ndi "ndikukana"

Funso la mtundu wa Likert limapatsa woyankha mabokosi asanu: ndikukana kwambiri, ndikukana, ndili pakatikati, ndikuvomereza, ndikuvomereza kwambiri. Polowetsa deta timalemba 1 mpaka 5, ndipo mkangano umayambira pomwepo. Ena amati manambalawa amangotiuza bokosi lomwe lili pamwamba pa linzake, ndiye deta yake ndi ya odinolo. Ena amawatenga ngati muyeso wa mipata yofanana, wa intavalu, n'kupeza avereji. Magulu a miyesowa adawakhazikitsa ndi S. S. Stevens mu 1946. Rensis Likert adatulutsa njira yake kale, mu 1932, ndipo iye ankaphatikiza mafunso angapo kukhala sikelo imodzi. Zimenezi n'zofunika kuzikumbukira, chifukwa funso limodzi ndi sikelo ya mafunso ambiri sizisankhiridwa njira mofanana.

Tiyerekeze kuti tafunsa magulu awiri a ophunzira, A ndi B, anthu 40 gulu lililonse, chiganizo chakuti "Maphunzirowa andikonzekeretsa ntchito." Mu gulu A palibe wasankha 1, anthu 4 asankha 2, anthu 8 asankha 3, anthu 24 asankha 4, ndipo 4 asankha 5. Mu gulu B anthu 6 asankha 1, anthu 4 asankha 2, ena 4 asankha 3, anthu 10 asankha 4, ndipo 16 asankha 5. Musanawerengere kalikonse mukuona kale kuti gulu A launjikana pa "ndikuvomereza", pomwe gulu B lang'ambika pawiri: ambiri akhutira kotheratu, koma munthu mmodzi mwa anayi akukana.

Njira ya intavalu imaphatikiza manambala. Gulu A likupeza 148, avereji 3.70. Gulu B likupeza 146, avereji 3.65. Mayeso a t akupereka t pafupifupi 0.19 ndi p pafupifupi 0.85, ndipo wolemba lipoti anganene kuti maguluwa sakusiyana, A ali patsogolo pang'ono chabe. Ubwino wa njirayi ndi woonekeratu. Aliyense amamva tanthauzo la avereji, imagwiritsa ntchito mabokosi onse asanu, ndipo imalowa mosavuta mu rigireshoni wamba. Vuto lili pa lonjezo limene yapanga mwakachetechete, loti kuchoka pa 4 kufika pa 5 ndi mtunda wofanana ndi kuchoka pa 2 kufika pa 3. Palibe adayeza mtunda umenewu. Yesani kulemba bokosi lomaliza 6 m'malo mwa 5, zomwe sizikusokoneza ndondomeko ya mabokosi ngakhale pang'ono. Gulu A likufika pa 3.80, gulu B pa 4.05. Wotsogola wasintha, pomwe palibe woyankha wasintha maganizo. Kayesedwe kameneka ndi kachidule, ndipo ndi bwino kukachita pa funso lililonse lomwe mukufuna kulilembera avereji. Ngati wotsogola akusintha mukangotambasula mpata umodzi, zotsatira zanu zatsamira pa manambala omwe munasankha nokha.

Ambiri akamva izi amathawira ku mediani, yankho la munthu wapakati mukawandandalika onse. Pa funso la mabokosi asanu mediani ndi yosaona patali. Mu gulu A munthu wa 20 ndi wa 21 onse ali pa 4, mu gulu B chimodzimodzi. Ikulemekeza ndondomeko, inde, koma yabisa kusiyana konse komwe maso aona. Siyenera kuima yokha mu lipoti.

Mayeso a Mann-Whitney ndiwo njira ya odinolo yodziwika kwambiri pa magulu awiri. Anthu amakonda kunena kuti amayerekeza mediani, koma si zimenezo kwenikweni. Amatenga munthu aliyense wa B n'kumuyerekeza ndi aliyense wa A, zomwe pano zikupereka mapeyala 1,600. Mwa mapeyalawa, wa B ali pamwamba mu 712, wa A ali pamwamba mu 536, ndipo mu 352 afanana. Ofananawo amagawidwa pakati, ndiye B akupeza 888, omwe ndi 0.555 ya mapeyala onse. Tanthauzo lake n'losavuta kufotokozera ngakhale munthu wosadziwa masamu: mutasankha mwachisawawa munthu mmodzi ku gulu lililonse, wa B ali ndi mwayi wokulirapo pang'ono wokhala pamwamba. Nambala imeneyi sisintha ngakhale mulembe bokosi lomaliza 5, 6 kapena 50. Onani kuti yapendekera kwa B pomwe avereji idapendekera kwa A, ngakhale p yake, pafupifupi 0.38, sikulola kunena kuti gulu lina lili pamwamba.

Kodi pamenepa Mann-Whitney apambana? Osati monga ambiri amaganizira. De Winter ndi Dodou mu 2010 adayerekeza mayeso awiriwa pa deta ya mabokosi asanu yopangidwa pa kompyuta, ndipo adapeza kuti nthawi zambiri mphamvu zawo zopezera kusiyana ndi zofanana, kupatula pomwe mayankho apendekeka kwambiri kapena agawanika mosazolowereka. Choncho magulu awiri akamwazikana mofanana, kusankha pakati pa t ndi Mann-Whitney sikusintha zambiri, ndipo sikuyenera kukudyerani sabata. Pangozi ndi pomwe kamwazikidwe kasiyana, ngati pano, pomwe sitandadi diviyeshoni ya A ndi 0.79 ndipo ya B ndi 1.48. Liddell ndi Kruschke mu 2018 adaonetsa kuti zikatero, makamaka mayankho akaunjikana chakumapeto kwa sikelo, avereji ikhoza kupeza kusiyana komwe kulibe, kuphonya komwe kulipo, kapena kutembenuza wotsogola. Mann-Whitney nawonso amafunsa funso limodzi lokha, loti ndani amakonda kukhala pamwamba. Pa chitsanzo chathu njira zonse ziwiri zikuti palibe umboni wa kusiyana, pa magulu omwe asiyana poyera.

Njira yomwe imafika pa gwero la nkhaniyi ndi rigireshoni ya odinolo, yomwe Peter McCullagh adaifotokoza bwino mu 1980. Siganizira za mipata. Imadula sikelo pa malire alionse, n'kufunsa kuti ndi angati adutsa malirewo poyerekeza ndi otsalira. Pa malire a 5, gulu A lili ndi 4 odutsa ndi 36 otsalira, gulu B lili ndi 16 ndi 24, ndiye odizi ya B ikuposa ya A ka 6. Pa malire a 4 kupita m'mwamba, A ndi 28 kwa 12, B ndi 26 kwa 14, ndipo reshiyo ya odizi ya B kwa ya A yatsika kufika pa 0.80. Pa malire a 3 kupita m'mwamba, A ndi 36 kwa 4, B ndi 30 kwa 10, reshiyo 0.33. Modelo yachizolowezi imafuna kuti reshiyo imeneyi ikhale pafupifupi imodzi pa malire onse, kenako imakupatsani nambala imodzi. Manambala 6, 0.80 ndi 0.33 sangaimiridwe ndi nambala imodzi, ndipo pulogalamu idzakupatsanibe nambalayo osadandaula. Apa m'pomwe ambiri osamukira ku odinolo amagwera, poganiza kuti athawa zofunikira zonse. Werengerani mareshiyowa pamanja, kapena chitani mayeso a Brant, omwe amaona ngati mareshiyowa ndi ofanana, musanakhulupirire `ologit` ya Stata, `PLUM` ya SPSS kapena `polr` ya R. Akasiyana chonchi, gwiritsani modelo yolola gulu lililonse kukhala ndi kamwazikidwe kake:

```r
d <- data.frame(
  yankho = c(rep(2:5, c(4, 8, 24, 4)), rep(1:5, c(6, 4, 4, 10, 16))),
  gulu = factor(rep(c("A", "B"), each = 40)))
t.test(yankho ~ gulu, data = d)
wilcox.test(yankho ~ gulu, data = d)
d$y <- ordered(d$yankho)
summary(ordinal::clm(y ~ gulu, scale = ~ gulu, data = d))
```

Mtengo wa njirayi ulipo. Imafuna anthu okwanira m'bokosi lililonse, ndipo mabokosi opanda munthu, monga 1 mu gulu A, amachititsa kuti modelo yolola reshiyo yosiyana pa malire alionse ilephere kupereka nambala yodalirika pa malire amenewo. Kuifotokozera komiti kumafunanso ntchito, choncho sandutsani zotsatira zake kukhala maperesenti a bokosi lililonse. Koma mukafuna kuwerengera zaka, jenda kapena sukulu pamodzi ndi gulu, pa funso limodzi la Likert ndi imeneyi yoyenera kuyambira, chifukwa Mann-Whitney salandira zinthu zowonjezera.

Nkhani imasintha mukaphatikiza mafunso. Mafunso 8 a mabokosi asanu amapereka zigoli kuyambira 8 mpaka 40, malo 33 m'malo mwa 5. Kusafanana kwa mipata ya funso lina kumafufutidwa pang'ono ndi mafunso anzake, zigoli zimamwazikana bwino, ndipo mayeso a t ndi rigireshoni wamba zimagwira ntchito yodalirika. Pamenepa kukana avereji ndi kudzivutitsa. Zofunika kusamala ndi zina. Mafunso olembedwa motembenuza atembenuzidwe musanaphatikize, pochotsa yankho pa 6, kuti 5 akhale 1 ndipo 2 akhale 4. Mukaiwala, funsolo limaoneka likutsutsana ndi anzake ndipo alufa ya Cronbach, muyeso wa momwe mafunso akugwirizanirana, imagwa. Alufa yopitirira 0.70 ndi chizolowezi chabe, siitsimikiza kuti mafunso onse akuyeza chinthu chimodzi, ndipo imakwera yokha mafunso akachuluka. "Sindikudziwa" yolembedwa 9 kapena 99 ichotsedwe ngati yankho losowa, apo ayi avereji idzakwera mopanda tanthauzo. Ndipo ngati anthu ambiri afika pa 38, 39 ndi 40, denga likubisa kusiyana kwawo, ndipo vuto la funso limodzi lija labwereranso ngakhale mafunso ali 8.

Pali msampha wina kwa ofunsa anthu omwewo kawiri, asanaphunzire ndi ataphunzira. Mayeso a Wilcoxon a mapeyala amatchulidwa ngati a odinolo, komatu amayamba ndi kuchotsera yankho loyamba pa lachiwiri n'kundandalika kukula kwa kusinthako. Kuchoka pa 1 kufika pa 3 amakutenga ngati kofanana ndi kuchoka pa 3 kufika pa 5, lomwe ndi lonjezo lomwe lija la mipata yofanana. Osadalira mipata ndi mayeso a saini, omwe amangowerenga okwera ndi otsika, kapena modelo ya odinolo yozindikira kuti mayankho awiri ndi a munthu mmodzi, monga `clmm` mu R.

Pa magulu athu A ndi B, lipoti loona liyambe ndi tebulo la mabokosi onse asanu: 70 peresenti ya A ndi 65 peresenti ya B akuvomereza, koma ovomereza kwambiri ndi 10 peresenti mu A ndi 40 peresenti mu B, ndipo okana ndi 10 peresenti mu A ndi 25 peresenti mu B. Kenako lipereke 0.555 ya Mann-Whitney ndi p yake, linene kuti reshiyo siimodzi pa malire onse, ndipo oyendetsa maphunziro apite kukafufuza chomwe chasiyanitsa anthu 10 okana a mu B ndi anzawo 16 okhutira kwambiri.